Makamyau asanu ndi limodzi, ngongole pakhosi: ndipulumutse kampani kapena nditseke?

Funso: Ndili ndi kampani ya makamyau 6 ku Mowatize, antchito 18. Banki ndili nayo ngongole ya mametikali 9 miliyoni ndipo inagwira makamyau anayi ngati chikole, awiri enawo ndi a lizingi. A gazoliyo akundifuna 3 miliyoni, a matayala ndi masipeya 1.5 miliyoni, antchito miyezi itatu sanalandire (800,000), msonkho ndi INSS 1.2 miliyoni. Kasitomala wanga wamkulu sanandilipire 4 miliyoni. A gazoliyo apita kale ku khoti. Msuweni wanga wa ku Joni akuti ndichite bizinesi resikyu, akuti onse ondifuna amaima nthawi yomweyo. Ndi zoona? Kapena ndingotseka basi?

Bambo, pepani ndithu ndi zomwe mukudutsamozi, miyezi itatu kuyang'anizana ndi madalaivala opanda salariyo si chinthu chogona nacho tulo. Msuweni wanuyo sananame ayi, koma akukamba lamulo la kumene iye akukhala. Bizinesi resikyu ndi ya ku South Africa, ili mu chaputala 6 cha lamulo lawo la makampani la 2008 lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2011, ndipo kumeneko zimathamangadi: madayirekitala akaona kuti m'miyezi 6 ikubwerayi kampani siikwanitsa kulipira ngongole zake amakhala pansi, kugwirizana, kukapereka chikalata ku ofesi yolembetsa makampani, basi kuyambira pamenepo munthu sangayambitse kapena kupitiriza mlandu pa kampaniyo popanda chilolezo cha katswiri woyendetsa resikyuyo kapena cha khoti. Safunika kudikira woweruza. Mwina munamvapo za Tongaat Hulett, kampani yawo ya ku South Africa inalowa njira imeneyi mu 2022, panthawiyo ali eni ake a mafakitale a shuga a ku Xinavane ndi Mafambisse. Koma kampani yanu inalembetsedwa kuno, makamyau ali ku Mowatize, khoti lomwe a gazoliyo apitalo ndi la kuno, ndiye pepala la ku Joni silingakuthandizeni kalikonse.

Kuno kwathu chinthucho chilipo, dzina lake ndi rekuperasau judisiyale, kunena kuti kudzutsa kampani kudzera ku khoti. Mukapita kwa adivogadu muuzeni atsegule Decreto-Lei n.º 1/2013, la pa 4 Julayi 2013, ndi lomwe limakamba zonse ziwiri, kudzutsa kampani komanso insolivensiya yomwe ndi kuitseka ndi kugulitsa katundu wake. Kusiyana kwakukulu ndi kwa msuweni wanu ndi kwakuti kuno simungadziyimitsire nokha okufunani. Mumalemba pempho ku khoti, kufotokoza chomwe chakugwetsani, kuika mabuku a kampani, mndandanda wa onse okufunani ndi ndalama zawo, mndandanda wa antchito, milandu yomwe ili ku khoti, ndipo kampaniyo ikhale kuti yakhala ikugwira ntchito mwalamulo kopitirira chaka. Woweruza akaona kuti mapepala ali bwino n'kuvomera kuti nkhaniyo iyambe, tsiku limenelo ndiye kupuma kumayamba. Osati tsiku lomwe mwaganiza, osati tsiku lomwe mwalipira adivogadu. Pakati pa lero ndi tsiku limenelo a gazoliyo ali ndi ufulu wonse wopitiriza mpaka penyora, pomwe khoti limagwira katundu chifukwa cha ngongole, ndiye ngati kontabilista wanu ali m'mbuyo ndi mabuku zaka ziwiri, ntchito yoyamba mawa m'mawa ndi imeneyo.

Tsopano kupumako. Ndi masiku 180, ndipo lamulo linalemba kuti saonjezera. M'masiku amenewa milandu yofuna ndalama ndi yolanda katundu wa kampani imaima, wa ku khoti sabwera ku yadi kudzalemba makamyau, ndipo cholinga chake n'chakuti wothamanga kwambiri asadye yekha n'kusiya anzake mbale yopanda kanthu, komanso inu mupeze mpata wokonza pulani. Ngongole sinafe. 3 miliyoni ya a gazoliyo ikadali 3 miliyoni, angouzidwa kuti dikirani kaye pamzere. Ndipo iwowo sakutaya kanthu podikira chifukwa nthawi yomwe lamulo limawapatsa kuti asume nayonso imaima kuwerengedwa. Milandu yomwe ikungofuna kudziwa kuti ngongoleyo ndi zingati, monga wantchito yemwe wakusumirani ku khoti la zantchito, imapitirira mpaka chiwerengero chidziwike, chomwe chimaima ndi kulanda.

Ambiri amamva 180 n'kuganiza kuti ali ndi theka la chaka lopumula, ayi. Pulani yanu iyenera kufika ku khoti pasanathe masiku 90 chilengezereni chigamulo cha woweruza chija, mukachedwa khoti limatembenuza nkhaniyo kukhala insolivensiya, mwatseka kampani ndi dzanja lanu lomwe. Masiku otsalawo ndi oti okufunani aione pulaniyo, otsutsa atsutse, aitanidwe ku msonkhano akavote. Masiku 180 akatha musanagwirizane, aliyense amabwerera pamene analekezera.

Pali zinthu zitatu zomwe kupumaku sikuphimba ndipo ndi zomwe zimaliza anthu, ndikufuna muzimvetse musanapereke khobidi kwa aliyense.

Choyamba ndi siginecha yanu. Pamene munkatenga 9 miliyoni ija, ndikhulupirira banki inakusainitsani livuransa, kapepala kaja kosalembapo ndalama, inu n'kusaina kumbuyo ngati avalista, wolonjeza kulipira yekha kampani ikalephera, mwinanso amayi a kunyumba anasaina nawo. Ndi mmene mabanki ambiri amachitira ndi makampani ang'onoang'ono kuno. Kupuma kuja ndi kwa kampani, inu monga munthu simuli m'katimo, banki ikhoza kudzaza livuransa ija n'kukutsatani inuyo, nyumba yanu, akaunti yanu, pamene kampani ili phee pansi pa khoti. Ngakhale ku Joni kwa msuweni wanu zili choncho, dayirekitala yemwe anasainira ngongole ya kampani amasumiridwa resikyu ili m'kati. Ndiye fufuzani kontarato ya banki usiku uno muone amene anasaina, ndipo nkhani ya avalu ikakambidwe ndi banki payokha, mukapemphe kuti malinga ngati kampani ikulipira motsata pulani asakhudze avalista, ndipo alembe.

Chachiwiri ndi makamyau awiri a lizingi. Amenewo si a kampani yanu mpaka mutamaliza kulipira, mwini wake ndi wobwereketsayo, inu mukungoyendetsa. Ku South Africa khoti lalikulu la apilo linagamula mu 2015 kuti kuthetsa kontarato sikuletsedwa ndi kupuma kwa resikyu, ndiye mabanki kumeneko amathetsa kontarato kenako n'kunena kuti katundu wathuyo muli naye mopanda lamulo, bwezani. Kunonso mkangano wa katundu wa eni ake umavuta kuposa wa ngongole wamba, ine sindingakulangizeni kutsamira pa khoti pa makamyau awiriwa. Ngati mukuwafuna, lizingi muzilipira mwezi ndi mwezi osadumpha.

Chachitatu, chilichonse chatsopano mumalipira. Salariyo ya mwezi uno, INSS ya mwezi uno, msonkho wa mwezi uno, gazoliyo wa ulendo wa mawa. Ndipo khoti silingakakamize mwini bomba kuti azikupatsani mafuta pa ngongole, tsiku lomwe amve kuti mwalowa rekuperasau aliyense adzafuna kashi pamanja, wa matayala, wa masipeya, ngakhale makaniko wa pa Matundo yemwe munkamulipira kumapeto kwa mwezi. Tete ndi mudzi waung'ono pa nkhani zotere, zimamveka m'mawa kukacha.

Tiyeni tione tsopano mutati mwatseka, chifukwa okufunani akamavota amayerekeza pulani yanu ndi chimenechi basi. Mu insolivensiya inu mumachoka pa chiwongolero, khoti limaika adiminisitiradolo, iye amalemba katundu yense, kumugwira, kumugulitsa, n'kugawa motsata mzere wa lamulo. Mitengo ndikuikayi ndi yongoyerekeza, inu mukudziwa bwino makamyau anu. Tinene kuti anayi a chikole aja pa malonda a khoti apita 1.5 miliyoni iliyonse, ndi 6 miliyoni. Zida za mu ofisina, kompuresa, majeki, matebulo, 500,000. Pa 4 miliyoni ya kasitomala uja tinene kuti zatoleredwa 2 miliyoni, poti munthu akamva kuti womufuna wagwa amayamba kupeza zifukwa, fatura iyi sitinailandire, ulendo uwu katundu anaperewera. Zonse 8.5 miliyoni. Awiri a lizingi abwerera kwa eni ake, sali m'mbale.

Pa 8.5 miliyoniyo poyamba pamachoka zolipira ntchito yotsekayo, khoti ndi adiminisitiradolo ndi alonda, tinene 700,000. Kenako antchito, 800,000 yawo ija kuphatikiza chipukuta misozi cha kutha kwa ntchito, tinene zonse 1.5 miliyoni. Zatsala 6.3 miliyoni. Banki imatenga mpaka pa mtengo wa chikole chake, 6 miliyoni. Yatsala 300,000 ndipo boma likufuna 1.2 miliyoni, yapita yonse. A gazoliyo ndi a matayala, 4.5 miliyoni yawo, alandira ziro. Banki yatsala ndi 3 miliyoni yosalipidwa ndipo mukudziwa kale komwe ikaifune, pa livuransa paja. Anthu 18 ali pakhomo.

Ndipo 1.5 miliyoni pa kamyau ndanenayo ndi ngati zagulitsidwa msanga. Ndinaonapo yadi ina kuno, sinditchula, makamyau atatu anaimikidwa kudikira malonda a khoti, anakhala pa dzuwa la Tete lija la Okutobala mpaka mvula inabwera n'kupita, matayala anang'ambika m'mbali, mabatire anasowa sabata yoyamba yomwe, kenako masitata, pansi pa imodzi panamera udzu mbuzi zikumagona pamthunzi pake. Mwini wake ankadutsa panja pa mpanda n'kumayang'ana, analibe ufulu ngakhale woliza injini. Pomwe ogula ankabwera ankagula zitsulo.

Chiwerengero cha ziro chija ndiye mphamvu yanu pokambirana ndi a gazoliyo. Iwo akuganiza kuti akathamanga ku khoti alandira 3 miliyoni, koma akakugwetsani aima kumapeto kwa mzere.

Koma musanasangalale, pali funso limodzi lomwe ine ndimafunsa aliyense wobwera ndi nkhani ngati yanu, ndipo yankho lake ndi lomwe limasankha njira. Titaiwala ngongole zonse zakale, makamyauwa akamayenda amatsala ndi kanthu? Tengani kope muwerengere kamyau imodzi mwezi umodzi, ziwerengero zenizeni za miyezi 6 yapitayi osati za mwezi womwe zinayenda bwino. Tiyerekeze kuti imodzi imalowetsa 450,000, ndipo gazoliyo, dalaivala, matayala, zolipira pamsewu ndi kukonza zimadya 300,000, yatsala 150,000. Kuchulukitsa ka 6 ndi 900,000. Chotsani lendi ya yadi, alonda, ofesi, inshuwalansi, tinene 200,000. Kampani ikupanga 700,000 pamwezi isanalipire ngongole. Ngati banki imadula 520,000 ndipo lizingi 260,000, ndi 780,000, mukuperewera 80,000 mwezi uliwonse, ndiye kasitomala atagwira 4 miliyoni zonse zinangogwera pamodzi. Kampani yotere ndi yamoyo, yangosenzetsedwa mtolo woposa msinkhu, ndipo ndi yomwe rekuperasau inapangidwira.

Koma mukawerengera n'kupeza kuti kamyau imalowetsa 450,000 n'kudya 470,000, kapena makamyau atatu okha ndi omwe ali ndi katundu wonyamula ena amangokhala, Bambo musavutike. Masiku 180 adzangokuonjezerani ngongole ya adivogadu, ya adiminisitiradolo ndi miyezi ina 6 ya salariyo, kenako mudzafika pa insolivensiya pomwepo makamyau atatsika mtengo. Ku Joni komwe zimachitika, kampani ya ndege ya SAA inalowa resikyu mu Disembala 2019 n'kutuluka mu 2021, koma inzake ya Comair inalowa mu 2020 n'kudzatsekedwabe mu 2022. Ngati ziwerengero zikukana, kupita nokha ku khoti kukapempha insolivensiya katundu akadali ndi mtengo ndi chifundo kwa antchito anu, chifukwa iwo ali kutsogolo kwa mzere ndipo amalandira pokhapokha m'mbale muli kanthu.

Tinene kuti muli mbali yamoyo ija. Pulani ikhoza kuoneka motere. Banki muipemphe itambasule 9 miliyoni ija kuti muzilipira 300,000 pamwezi m'malo mwa 520,000, kwa zaka zinayi kapena kuposerapo, chikole chikhale chomwecho. Lizingi 260,000 ipitirire. Pa 700,000 yatsala 140,000. Antchito lamulo silikulolani kuwatambasulira kopitirira chaka chimodzi, ndiye 800,000 ija ndi pafupifupi 70,000 pamwezi, ngakhale ine ndikadakhala inu ndalama yoyamba yochokera kwa kasitomala uja ndikadawapatsa iwowo, dalaivala wanjala ndi amene amagulitsa gazoliyo panjira ya ku Beira ndipo simungamudzudzule kwambiri. A gazoliyo ndi a matayala muwapatse theka, 2.25 miliyoni m'zaka zitatu, ndi 62,500 pamwezi, n'kuwalonjeza kuti muzigulabe kwa iwo pa kashi. Zonse pamodzi 132,500 pa 140,000 ija. Mwaona mmene zathinira? Giyabokosi imodzi ikafa pulani yagwedezeka, n'chifukwa chake 4 miliyoni ya kasitomala musaiwerengere pa zolipira za mwezi ndi mwezi, ikabwera ipite ku msonkho ndi INSS, ku antchito, yotsala ikhale yosungira ngozi. Za msonkhozo kakambiraneni ndi a Finansa padera kuti muzilipira pang'onopang'ono, musadikire kuti msonkhano wa okufunani ukukonzereni.

Ndipo apa ndi pomwe kupuma kuja kumaoneka phindu lake lenileni. Miyezi 6 osadulidwa 520,000 ndi 3.12 miliyoni yotsala m'kampani. Imeneyo si yogulira galimoto ya bwana, ndi yomwe igule gazoliyo wa kashi poti ngongole ya pa bomba yatsekeka, ndi kulipira salariyo pa tsiku lake kuti madalaivala abwino asathawire kwa ena. Onetsetsani ndi adivogadu kuti banki yalandira chigamulo cha khoti msanga, chifukwa kudula kwa pa akaunti kumachitika ndi makina, sikudikira kuti wina akumbuke.

Pa nthawi yonseyi inu mumakhalabe mukuyendetsa kampani, apanso tasiyana ndi ku Joni komwe katswiri wa resikyu amatenga ulamuliro wonse. Kuno adiminisitiradolo woikidwa ndi khoti amakuyang'anirani, amaona mabuku, amauza woweruza zomwe akuona, ndipo simungagulitse kamyau kapena kuikanso chikole mwa inu nokha. Povota okufunani amagawidwa m'magulu, antchito paokha, a chikole paokha, a ngongole wamba paokha. Kwa inu gulu la a chikole ndi banki yokha basi, ndiye kunena zoona banki ikakana zinthu zavuta kwambiri, ndipo pulani ikakanidwa woweruza amalengeza insolivensiya. Ichi n'chifukwa chake ndimati musalowe ku khoti musanakhale pansi ndi a banki, osati wa pa kauntala koma a ku dipatimenti yotolera ngongole, muwaonetse mapepala awiri, lina la 6 miliyoni ya pa malonda a khoti lina la 9 miliyoni m'zaka zinayi. Nthawi zina zikamveka pamenepo simufunikanso njira yaitaliyi, lamulo lomweli lili ndi rekuperasau ya kunja kwa khoti, mumagwirizana nokha kenako khoti n'kungotsimikiza, ndi yotchipa komanso yachete, kungoti pamene mukukambirana palibe chomwe chikuimitsa a gazoliyo. Kwa inu poti mlandu wayamba kale, funsani adivogadu kuti wafika pati, ngati penyora ili pafupi njira ya ku khoti ndi yomwe ingatseke chitseko.

Pulani ikavomerezedwa imamanga onse omwe ngongole zawo zili m'menemo, ngakhale omwe anavota kukana, ndipo khoti limakuyang'aniranibe zaka ziwiri. Mukaphonya zomwe munalonjeza m'zaka zimenezo nkhani imatembenuka kukhala insolivensiya, ndiye musalembe pulani yokometsera kuti anthu avote, lembani yomwe mungakwanitse m'mwezi wa mvula misewu itaonongeka.

Chinthu china, ndikuchinena chifukwa ndikudziwa kuti wina wakuuzani kale kapena akuuzani sabata ino. Musasinthe dzina la kamyau kuika la mlamu wanu, musawoloketse imodzi pa Zobwe kukaibisa ku Mwanza, musalipire m'bale wanu yemwe anakubwerekani n'kusiya ena. Adiminisitiradolo ali ndi mphamvu yoyang'ana m'mbuyo n'kupempha khoti lifafanize zomwe munachita kampani ili pafupi kugwa, katunduyo amabwerera m'mbale, ndipo kubisa katundu kwa okufunani ndi mlandu womwe umagwera inu munthu osati kampani. Kuonjezera apo banki ikangodziwa kuti kamyau ya chikole yasowa, kukambirana konse kuja kwatha.

Sabata ino chitani izi: kontabilista atseke mabuku ndi kutulutsa mndandanda wa ngongole zonse, inu muwerengere kamyau iliyonse payokha pa miyezi 6, mupeze kontarato ya banki ndi ya lizingi muone za avalu, ndipo kasitomala uja mumulembere kalata yokhala ndi mafatura onse ndi mapepala osainidwa polandira katundu, kuti 4 miliyoniyo ikhale ngongole yosakanika. Antchito muwaitane muwauze nokha zomwe zikuchitika asanamve kwa ena, poti nawonso adzavota. Mukapita kwa adivogadu musankhe yemwe anayendetsapo rekuperasau mpaka kumsonkhano wa okufunani, mumufunse mwachindunji kuti wachitapo zingati, ndipo mutenge pepala la mlandu wa a gazoliyo lija chifukwa tsiku lomwe munalilandira ndi lomwe limuuze masiku omwe mwatsala nawo.